Kukondera kwa chikhalidwe m'mayeso a zamaganizo

Kukondera kwa chikhalidwe m'mayeso a zamaganizo ndi vuto limene limakhalapo pamene mayeso oyeza nzeru, kakulidwe ka mwana kapena thanzi la m'maganizo akupereka mapointi osiyana kwa anthu a zikhalidwe zosiyana, pomwe anthuwo sakusiyana pa chinthu chimene chikuyezedwacho. Kusiyanako kumachokera ku chinenero, ku zipangizo kapena ku kafunsidwe ka mayesowo. Mayeso ambiri amene amagwiritsidwa ntchito m'zipatala, m'masukulu ndi m'kafukufuku analembedwa m'Chingelezi ku Ulaya kapena ku America, ndipo anayesedwa koyamba pa anthu akomweko. Akapita kwina amayenera kumasuliridwa, kusinthidwa kuti agwirizane ndi moyo wa anthu ake, kenako kuyesedwanso.

Mapointi a mayeso otere satanthauza kanthu pa okha. Mwana akapeza mapointi 20, woyeza amaona m'buku la mayeso kuti ana a msinkhu wake amapeza angati, ndipo apo m'pamene amanena kuti mwanayo akukula bwino kapena watsalira. Kuyerekeza kumeneku kumakhala koona pokhapokha ngati mwanayo ndi ana a m'bukumo anafunsidwa chinthu chimodzi, mwa njira imene onse anaizolowera mofanana. Zikapanda kutero, mwana wabwinobwino amalembedwa kuti ndi wochedwa kukula, kapena mayi wodwala maganizo amabwerera kunyumba popanda chithandizo chifukwa mafunso sanagwire vuto lake.

## Mbiri mwachidule

Mayeso oyamba a nzeru a mtundu wamakono anakonzedwa ku France mu 1905 ndi Alfred Binet ndi Théodore Simon, pofuna kuzindikira ana a sukulu ofunika thandizo lapadera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira mu 1917, gulu lankhondo la United States linayeza asilikali pafupifupi 1,750,000 ndi mayeso awiri otchedwa Army Alpha ndi Army Beta. Oyambawo anali a anthu odziwa kuwerenga Chingelezi, ndipo enawo anali a zithunzi. Mafunso ena a Army Alpha ankafuna kuti munthu adziwe mayina a katundu wogulitsidwa m'masitolo a ku America. Chithunzi china cha Army Beta chinkaonetsa bwalo la tenisi lopanda ukonde, ndipo msilikali ankayenera kujambula chimene chikusowa. Munthu amene sanaonepo tenisi sakanadziwa.

Mu 1923 Carl Brigham anafalitsa buku lofotokoza zotsatira za mayesowa. Ziwerengero zake zinkasonyeza kuti anthu obwera kuchokera kumayiko ena amene anakhala zaka zambiri ku America ankapeza mapointi ambiri kuposa amene anangofika kumene. Izi zinkaloza ku kuzolowera chinenero ndi moyo wa dzikolo, koma Brigham anazimasulira kuti mitundu imene inkabwera m'zaka zapambuyo inali yochepa nzeru. Mu 1930 iye mwini analemba kuti mfundo zakezo zinalibe maziko. Nkhaniyi inafikanso m'makhoti: pa mlandu wa Larry P. v. Riles, khoti la ku California linagamula mu 1979 kuti mayeso a nzeru asagwiritsidwe ntchito poika ana akuda m'makalasi a ana otchedwa ochedwa kuphunzira.

## Njira zitatu zimene kukondera kumalowera

Akatswiri a saikoloji yoyerekeza zikhalidwe, makamaka Fons van de Vijver wa ku Netherlands ndi anzake, amagawa kukondera m'magulu atatu. Kugawaku n'kothandiza chifukwa gulu lililonse limakonzedwa mwa njira yake, ndipo kumasulira bwino kumathetsa mbali yochepa chabe.

### Kukondera kwa tanthauzo

Gulu loyamba ndi pamene chinthu choyezedwacho sichitanthauza zofanana m'zikhalidwe ziwirizo. Chitsanzo chodziwika ndi kafukufuku amene Robert Serpell anachita m'zaka za m'ma 1970 pakati pa Achewa a m'boma la Katete, kum'mawa kwa Zambia. Iye ankafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pa ana amene akuwadziwa angasankhe uti pa ntchito inayake yofunika, ndipo chifukwa chiyani. Mayankho awo anasonyeza kuti mawu akuti nzeru ali ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi kuchenjera, komwe ndi kugwira zinthu msanga m'mutu. Mbali inayo ndi kutumikira: kumvera, kukhulupirika ndi kutha kutumidwa ntchito n'kuigwira mpaka pamapeto. Mwana wochenjera koma wosadalirika sankatengedwa kuti ndi wanzeru zenizeni.

Mayeso a nzeru ochokera ku Ulaya ndi ku America amayeza kwambiri mbali yoyambayo, ndipo nthawi zambiri amawerengeranso liwiro. Akamasuliridwa ngakhale mwaluso chotani, amayezabe kuchenjera kokha. Kholo likauzidwa kuti mayeso asonyeza kuti mwana wake ndi wochepa nzeru, limamva chinthu chachikulu kuposa chimene chayezedwa.

### Kukondera kwa kachitidwe

Gulu lachiwiri limachokera ku zipangizo ndi mmene mayeso akuchitikira. Mu 1979 Serpell anafalitsa zotsatira za kafukufuku woyerekeza ana a ku Zambia ndi ana a ku England pa ntchito yokopera maonekedwe a zinthu. Pokopera ndi pensulo papepala, ana a ku England anachita bwino kuposa a ku Zambia. Pokopera mopinda waya, ana a ku Zambia, amene anazolowera kupanga magalimoto a mawaya, ndi amene anapambana. Pokopera moumba ndi dongo, lomwe magulu onse awiri ankalidziwa, panalibe kusiyana kwenikweni. Luso loona chinthu n'kuchikopera linali limodzi, koma gulu lopambana linkasintha malinga ndi chimene chaikidwa m'manja mwa mwana. Ntchito imeneyi inathandiza kuti ku Zambia kukonzedwe mayeso otchedwa Panga Munthu Test, amene mwana amaumba munthu ndi dongo m'malo momujambula papepala.

Kachitidwe kamakhudzanso ubale wa woyeza ndi woyezedwa. Mwana amene analeredwa kuti asayang'ane munthu wamkulu m'maso ndiponso asamuyankhe mwachangu akhoza kungokhala chete pamaso pa mlendo, ndipo kukhala cheteko kumalembedwa ngati kulephera. Mafunso amene anakonzedwa kuti munthu adziwerengere yekha n'kuchonga mwachinsinsi amasintha akamawerengedwa mokweza ndi namwino, makamaka ngati apongozi kapena odwala ena ali pafupi. Funso lokhudza maganizo ofuna kudzipha ndi limene limavutika kwambiri ndi kusinthaku.

### Kukondera kwa funso limodzi

Gulu lachitatu ndi pamene mayeso onse ali bwino koma funso lina likuvuta gulu limodzi pa chifukwa chosakhudzana ndi luso loyezedwalo. Mayeso ambiri a nzeru ali ndi gawo limene woyeza amatchula manambala motsatizana, ndipo woyezedwa amawabwereza. Cholinga ndi kuona kuchuluka kwa zinthu zimene munthu angasunge m'mutu kwa kanthawi kochepa. Komatu kuchuluka kumeneku kumadalira utali wa mawu. Mu 1980 Nick Ellis ndi R. A. Hennelly anasonyeza kuti anthu olankhula Chiwelshi ndi Chingelezi ankabwereza manambala ochepa m'Chiwelshi, chifukwa mayina a manambala a chinenerocho amatenga nthawi yotalikirapo kutchula.

M'Chichewa vutoli ndi lalikulu kuposa apo. Nambala 7 ndi "zisanu ndi ziwiri", mawu atatu, ndipo womvera sangadziwe ngati watchuliridwa nambala imodzi kapena 5 yotsatidwa ndi 2. Womasulira amene watembenuza nambala iliyonse mokhulupirika amakhala atasandutsa gawolo kukhala ntchito ina yovuta kwambiri. Kugwiritsa ntchito "wani, thu, fili" monga anthu amawerengera ndalama pamsika kumachotsa vutolo, koma kumabweretsa funso lina, loti kodi ana aang'ono amene sanayambe sukulu amawadziwa mayinawa mofanana ndi anzawo a pasukulu.

## Kamasuliridwe ka mayeso

Njira yofala kwambiri ndi kumasulira kobwerera, kumene Richard Brislin anakufotokoza mu 1970. Munthu mmodzi amamasulira mayeso kuchokera ku chinenero choyamba kupita ku chachiwiri. Munthu wina, amene sanaone mayeso oyambawo, amamasulira zimenezo kubwerera ku chinenero choyamba. Kenako zolemba ziwirizo zimayerekezedwa, ndipo pamene zasiyana pamafufuzidwa.

Njirayi imagwira zolakwa zoonekera, monga mawu osiyidwa kapena funso limene latembenuzika tanthauzo. Kufooka kwake n'kwakuti imakomera kumasulira liwu ndi liwu. Chiganizo chosamveka m'Chichewa chikhoza kubwerera m'Chingelezi chili bwinobwino, chifukwa womasulira wachiwiri amadziwa zinenero zonse ziwiri ndipo amalota chimene chinalipo poyamba. Chifukwa cha ichi, malangizo a bungwe la International Test Commission, amene anatuluka kachiwiri mu 2017 ali ndi mfundo 18, amafuna kuti kumasulira kuzitsatidwa ndi umboni wochokera kwa anthu eniake oyezedwa. Kawirikawiri ntchitoyi imayenda motere:

1. Omasulira awiri kapena kuposerapo amamasulira aliyense payekha, atauzidwa cholinga cha funso lililonse.
2. Gulu la omasulirawo, akatswiri a nkhaniyo ndi anthu odziwa moyo wa deralo limakambirana n'kugwirizana pa mawu amodzi.
3. Womasulira wina amabweza mawuwo ku chinenero choyamba kuti aone ngati palibe chatayika.
4. Anthu ochepa ofanana ndi amene adzayezedwe amafunsidwa mafunsowo mmodzimmodzi, ndipo amapemphedwa kufotokoza m'mawu awo chimene amva.
5. Mayeso okonzedwawo amayesedwa pa anthu ambiri, ndipo zotsatira zake zimayerekezedwa ndi zimene dokotala wapeza pounika anthu omwewo.

### Chitsanzo cha funso limodzi

Mayeso a EPDS anakonzedwa ku Scotland ndi John Cox ndi anzake, ndipo anafalitsidwa mu 1987, pofuna kuzindikira amayi amene adwala matenda okhumudwa atabereka. Ali ndi mafunso 10 okhudza masiku 7 apitawo, ndipo yankho lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 3. Funso lachisanu ndi chimodzi linalembedwa m'chining'a cha Chingelezi chimene, chikatembenuzidwa liwu ndi liwu, chimanena za zinthu zokwera pamwamba pa munthu. Mayankho ake ndi amene amaulula cholinga: mayi amasankha ngati wakhala akulephereratu kuthana ndi zinthu, akulephera nthawi zina, kapena akukwanitsa monga kale.

Womasulira akalemba kuti "Zinthu zakhala zikukwera pamwamba panga", kumasulira kobwerera kumabweza chining'a choyamba chija chonse, ndipo funsolo limaoneka ngati lamasuliridwa bwino. Pa sitepe yachinayi m'pamene vuto limatulukira. Mayi wina akhoza kunena kuti sakumva chimene akufunsidwa. Wina akhoza kuganiza za chinthu chimene chimamupanikiza kutulo usiku, n'kuyankha za maloto oipa.

Mawu achiwiri angakhale akuti "Zinthu zakhala zikundichulukira". Awa ndi Chichewa chomveka, koma amakokera ku kuchuluka kwa ntchito. Mayi wa khanda amene akutunga madzi, kuchapa matewera ndi kuphikira banja angavomere ngakhale mtima wake uli m'malo, ndipo funsolo lingapereke mapointi kwa odwala ndi osadwala omwe. Mawu oyandikira cholinga ndi amene akutchula kulephera, monga akuti "Zinthu zakhala zikundikulira moti ndikulephera kuthana nazo monga kale". Ngakhale mawu amenewa sangavomerezedwe patebulo. Amayenera kubwerera kwa amayi ena kuti nawonso afotokoze chimene amva.

Liwu lakuti kukhumudwa nalonso limafuna kusamala. M'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku munthu amakhumudwa ndi winawake kapena ndi chinachake, ndipo zimatha. Munthu akafunsidwa ngati wakhala wokhumudwa akhoza kukumbukira mkangano wa dzulo, pomwe mayeso akufuna kudziwa za chisoni chokhalitsa chimene chimalanda munthu chilakolako cha zinthu. Odwala ambiri amafotokoza vuto lotere ndi mawu ena, monga kuganiza kwambiri, nkhawa, kusowa tulo kapena kupweteka kwa mutu. Ku Zimbabwe, Vikram Patel ndi anzake anasankha kuyambira pa mawu a odwala eniake, ndipo mu 1997 anafalitsa mayeso a mafunso 14 otchedwa Shona Symptom Questionnaire, momwe muli funso la kuganiza kwambiri, chimene Ashona amachitcha kufungisisa.

Palinso zinthu zimene Chingelezi sichisankha koma Chichewa chimakakamiza womasulira kusankha. Liwu limodzi la Chingelezi lolozera munthu wolankhulidwa limakhala "iwe" kapena "inu", ndipo kufunsa mayi wamkulu kuti "umagona bwino?" kungamukwiyitse asanayankhe. Mayeso omasuliridwira anthu a ku Dedza sangatengedwe kuti ndi okonzeka kale kwa olankhula Chinyanja cha ku Lusaka, kapena kwa munthu wa ku Mangochi amene kunyumba amalankhula Chiyao.

## Pamene kumasulira sikukwanira: chitsanzo cha MDAT

Mayeso a kakulidwe ka ana amasonyeza bwino malire a kumasulira, chifukwa zambiri mwa izo si mafunso koma zochita. Mayeso a Denver II, amene anatuluka ku United States mu 1992 ali ndi zochita 125, amaona mwa zina ngati mwana amatha kudzikonzera yekha chakudya cham'mawa cha m'paketi chothira mkaka, kusewera masewera a makadi kapena a pabolodi, ndi kudya ndi supuni kapena foloko. Zonsezi zikhoza kunenedwa m'Chichewa cholondola. Koma mwana wa kumudzi amene amadya nsima ndi manja ndiponso amene phala lake limaphikidwa pamoto ndi munthu wamkulu adzalephera, ndipo kulepherako sikunena kanthu za ubongo wake.

Melissa Gladstone ndi anzake, pogwira ntchito ndi sukulu ya zaudokotala ya College of Medicine ku Blantyre, anayamba ndi kusintha zochita za mayeso akunja n'kuziyesa pa ana akumudzi ku Malawi. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2008 zinasonyeza kuti zochita zambiri za kuyenda, kugwiritsa ntchito zala ndi kulankhula zinkagwira ntchito zitasinthidwa, koma gawo la kukhala ndi anthu ndi limene linavuta kwambiri. Izi n'zomveka, chifukwa kukhala pansi, kukwawa ndi kuyenda zimatsatana mofanana kulikonse, pomwe zimene mwana wa zaka zinayi amayembekezeka kuchita pakhomo zimadalira mudzi umene akukuliramo.

Pofuna kukonza gawolo, ofufuzawo anakambirana m'magulu ndi anthu akumudzi komanso ogwira ntchito ndi ana, n'kuwafunsa zimene amaonera kuti mwana akukula bwino. Kuchokera m'zokambiranazi analemba zochita zatsopano. Mayeso amene anatuluka, otchedwa Malawi Developmental Assessment Tool kapena MDAT mwachidule, anafalitsidwa mu 2010. Ali ndi zochita 136, zogawidwa m'magawo anayi a zochita 34: kuyendetsa thupi lonse, kugwiritsa ntchito manja ndi zala, chinenero, ndi kukhala ndi anthu. Ndi a ana kuyambira pobadwa mpaka zaka 6.

Sitepe yaikulu inali kupeza mulingo watsopano woyerekezera. Ana 1,426 athanzi akumudzi anayezedwa, ndipo pa chochita chilichonse panawerengedwa msinkhu umene ana 25, 50, 75 ndi 90 mwa ana 100 alionse amachikwanitsa. Mulingowu ndi umene woyeza amagwiritsa ntchito. Ngati ana 90 mwa 100 a msinkhu wa mwana woyezedwayo amakwanitsa chochita china koma iye walephera, chochitacho chimalembedwa. Mwana akalephera zochita zotere ziwiri kapena kuposerapo m'gawo limodzi, amatengedwa kuti akufunika kuunikidwa mozama. Chochita chimodzi chokha sichikwanira, chifukwa mwana akhoza kulephera chifukwa cha manyazi, njala kapena tulo.

Pomaliza, mayesowo anayesedwa pa ana amene ankadziwika kale kuti ali ndi ulumali wokhudza ubongo, powayerekeza ndi ana athanzi. MDAT inazindikira ana 97 mwa 100 alionse amene analidi ndi vuto, ndipo inanena molondola kuti palibe vuto pa ana 82 mwa 100 athanzi. Nambala yachiwiriyi ikutanthauza kuti ana pafupifupi 18 mwa 100 athanzi amalembedwabe ngati okayikitsa. N'chifukwa chake mayeso otere amatengedwa ngati sefa yosankhira ana oti aonedwe ndi katswiri. Si chigamulo chomaliza cha matenda.

## Mmene funso lokondera limadziwikira

Kusiyana kwa mapointi pakati pa magulu awiri sikutsimikizira kuti mayeso akukondera. Ana amene anadwala malungo a mu ubongo kapena amene anakula moperewera zakudya akhoza kupezadi mapointi ochepa, ndipo mayeso abwino amayenera kuonetsa zimenezo. Choncho ofufuza sayerekeza magulu onse athunthu. Amayamba asankha anthu a m'magulu awiriwo amene ali ndi luso lofanana, malinga ndi mapointi awo onse, kenako amaona ngati anthu ofananawo akusiyana pa funso limodzi.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kusonyeza njirayi. Mayeso a mawu ali ndi zithunzi 30 zoti mwana atchule dzina lake, ndipo aperekedwa kwa ana a m'tauni ndi ana akumudzi. M'gulu lililonse mwasankhidwa ana 100 amene onse apeza mapointi 20. Pa chithunzi cha nkhuku, ana 92 a m'tauni ndi ana 94 akumudzi ayankha bwino, kusiyana kochepa kumene kungachitike mwangozi. Pa chithunzi cha maloboti a pamsewu, ana 80 a m'tauni ayankha bwino koma akumudzi 35 okha. Popeza ana onsewa ali ndi mapointi ofanana, kusiyana kwa ana 45 kumeneku sikukuchokera ku luso la mawu. Kukuchokera ku zimene mwana amaona pamene akukhala. Kuwerengaku kumabwerezedwa pa ana a mapointi 10, 15, 25 ndi ena, ndipo zotsatira zimaphatikizidwa. Njira yodziwika yophatikizira ndi ya Mantel ndi Haenszel, imene Paul Holland ndi Dorothy Thayer anaigwiritsa ntchito pa mafunso a mayeso m'zaka za m'ma 1980.

Funso likapezeka lotere, masamu sanena chifukwa chake. Anthu odziwa chinenero ndi moyo wa magulu onse awiri ndi amene amaliunika n'kuona ngati vuto ndi chithunzi, liwu kapena chinthu chojambulidwacho. Kenako funsolo limachotsedwa kapena kulowedwa m'malo ndi lina lovuta mofanana. Kuika chinthu chosavuta kwambiri, monga khasu m'malo mwa maloboti, kukhoza kungotembenuza kukonderako kuti kugwere ana a m'tauni, kotero funso latsopano nalonso limayesedwa.

Njirayi ili ndi malire ake. Imadalira mapointi onse ngati muyezo wa luso, choncho ngati mafunso onse akukondera mbali imodzi mofanana, palibe funso limene lidzaonekere. Mayeso onse a pensulo ndi pepala operekedwa kwa ana amene sanagwirepo pensulo akhoza kudutsa kuunikaku popanda chilema. Kukondera kwa kachitidwe ndi kwa tanthauzo kumadziwika ndi njira zina: kuyeza luso lomwelo ndi zipangizo zosiyana monga anachitira Serpell, kuona ngati mapointi akugwirizana ndi zimene dokotala kapena mphunzitsi wapeza, ndi kufunsa anthu a deralo.

## Malire a mapointi

Mayeso osefera matenda amakhala ndi nambala ya malire, ndipo amene wafika pamenepo amatumizidwa kukaunikidwa. Nambalayi siyenda limodzi ndi mawu omasuliridwa. Mayeso a PHQ-9, a mafunso 9 okhudza matenda okhumudwa, amapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 27, ndipo malire ofala ndi 10. Michael Udedi ndi anzake atawayesa m'Chichewa pa odwala matenda a shuga ku Malawi, anafalitsa mu 2019 kuti malire oyenerera gululo ndi 9. Kusiyana kwa pointi imodzi kumaoneka kochepa, koma wodwala aliyense amene wapeza 9 amatumizidwa kwa dokotala kapena kubwezedwa kunyumba malinga ndi nambala imene chipatala chasankha. Kutsitsa malire kumagwira odwala ambiri, koma kumachulukitsanso anthu osadwala otumizidwa kwa akatswiri amene ndi ochepa kale. Malire opezeka pa odwala shuga sangangotengedwa kupita kwa amayi oyembekezera kapena achinyamata popanda kuyesedwanso.

## Zovuta zimene zimatsalabe

Kusintha mayeso kuli ndi mtengo wake. Mayeso akasinthidwa kwambiri kuti agwirizane ndi dera lina, mapointi ake sangayerekezedwenso mwachindunji ndi a mayeso oyamba. Kwa namwino amene akufuna kudziwa ngati mwana amene ali patsogolo pake watsalira, izi zilibe vuto. Kwa ofufuza amene akufuna kuyerekeza mayiko angapo ndi vuto lenileni, ndipo kawirikawiri amasunga mafunso ena osasintha kuti akhale mlatho pakati pa mitundu iwiri ya mayesowo.

Mulingo wa m'deralo nawonso ukhoza kusocheretsa. Ngati ana oyezedwa popanga mulingo ali ambiri operewera zakudya, kutsalira kumaoneka ngati kakulidwe kabwinobwino, ndipo ana ofunika thandizo sazindikirika. Ichi n'chifukwa chake mulingo umapangidwa ndi ana athanzi. Mulingo umakalambanso, chifukwa zimene ana amakumana nazo zimasintha pamene sukulu za mkaka, mafoni ndi mabuku zikufalikira.

Kuchotsa mawu onse m'mayeso sikuthetsa vutoli. Mayeso a Raven, amene anatuluka mu 1938, amagwiritsa ntchito zithunzi za maonekedwe zokha, ndipo woyezedwa amasankha kachidutswa kokwaniritsa chithunzi. Komabe amafuna chizolowezi choyang'ana zinthu zondandalikidwa m'mizere papepala, kusankha yankho limodzi pa angapo, ndi kugwira ntchito wekha popanda kufunsa mnzako, zomwe zimaphunziridwa kwambiri kusukulu. Chifukwa cha ichi akatswiri ambiri sagwiritsanso ntchito mawu akuti mayeso opanda chikhalidwe. Chimene amafuna pa mayeso alionse ndi umboni wosonyeza gulu la anthu limene anayesedwapo, chinenero chimene chinagwiritsidwa ntchito, ndi chigamulo chimene mapointi ake angathandize kupanga.